Kulembera aphunzitsi uthenga wothokoza pa tsiku lawo lobadwa: mafunso ndi mayankho

Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri muno mu Mzuzu, ndipo m'kabati mwanga muli envulopu yakhaki yodzaza timakalata ta ana. Ena amabwera kwa ine mobisa, atapinda pepala m'kope, kuti ndiwakonzere zimene alembera aphunzitsi anzanga. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene ndimamva kawirikawiri kwa ana, nthawi zina kwa makolo awo.

Kodi n'koyenera kuti mwana wa sukulu alembere aphunzitsi ake pa tsiku lawo lobadwa?

N'koyenera, malinga ngati tsikulo walidziwa m'njira yabwino. Aphunzitsi ena amanena okha m'kalasi, ena timamva anzawo akuwaimbira mu ofesi, ena kalasi yonse imadziwa kuyambira chaka chatha. Zoterezi zilibe vuto. Koma ngati tsikulo unaliona pa chiphaso chawo chimene anaiwala pa tebulo, kapena unachita kufufuza pa Facebook pa tsamba lawo la achibale, uthenga wako udzawadabwitsa m'malo mowasangalatsa. Funso loyamba m'mutu mwawo lidzakhala lakuti mwanayu wadziwa bwanji.

Dziwanso kuti si onse amene amakumbukira tsiku lobadwa. Ena chipembedzo chawo sichilola, mwachitsanzo a Mboni za Yehova, ndipo ena achikulire anakula osazolowera zimenezi. Ukakayika, dikira pa 5 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi pa dziko lonse, kapena kumapeto kwa teremu. Mawu othokoza ndi omwewo, umangochotsa mzere wa kubadwawo.

Ndiyambe ndi mawu ati? Ndingalembe kuti "Okondedwa aphunzitsi"?

M'kalata yachibale timaphunzitsa kuyamba ndi "Okondedwa", ndipo polembera amayi ako kapena agogo n'zabwino. Kwa aphunzitsi ine ndimalangiza kuti uwasiye mawuwa, makamaka ngati ndiwe mtsikana wolembera aphunzitsi aamuna kapena mnyamata wolembera aphunzitsi aakazi. Kalata imagwa m'kope, wina n'kutola, ndipo pofika nthawi ya buleki mawu amodziwo asanduka nkhani ina. Lemba kuti "Aphunzitsi," basi, kapena "Kwa aphunzitsi anga a masamu," kapena "Olemekezeka aphunzitsi". Ngati pasukulu panu mumatchula kuti Madamu kapena Sala, n'zololedwa, koma pa pepala "Aphunzitsi" imamveka bwino kuposa.

Ukafuna kuika dzina, ika la bambo awo, kutsogolo kwake kukhale "Bambo" kapena "Mayi". Dzina loyamba ayi. Kuno kumpoto amayi amaitanidwa ndi dzina la mfunda loyamba ndi Nya, monga momwe kwa Achewa timanenera Naphiri kapena Nabanda. Ndi dzina laulemu ndithu, koma ndi la akuluakulu anzawo, apongozi ndi a kumpingo. Likachoka m'kamwa mwa mwana wa Fomu 2 limamveka ngati wakwera pa mpando wosakhala wake. Za dzina lachipongwe limene mumawatchula kuseri kwa kalasi sindinenapo, ngakhale mukuganiza kuti amalikonda.

Kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza, gwiritsa "inu", "munandithandiza", "tsiku lanu". Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi cha mwana woyamba bwino ndi "inu", kenako pakati n'kulemba kuti "Mulungu akudalitse". Pamenepo wasowa "ni" mmodzi yekha, koma wawasandutsa aphunzitsi kukhala mnzake wosewera naye mpira. Mawu oyenera ndi "akudalitseni", "akusungeni", "akupatseni". Ukamaliza kulemba, bwerera pa mawu alionse amene ali ndi "ku" pakati, uone ngati akuthera ndi "ni".

Nanga m'kati mwake ndilembemo chiyani kuti usamveke ngati wokopera?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mu envulopu yanga ija muli makadi ambiri onena kuti ndine nyali, ndine muuni, ndine mphunzitsi woposa onse pa dziko lapansi. Ndimayamika, koma ndikachotsa dzina la pansi sindingadziwe amene analemba, ndipo kadi yomweyo akanatha kupatsa aphunzitsi a sayansi osasintha kanthu. Makalata amene ndimawerenga kawiri ndi amene amatchula chinthu chimodzi chimene chinachitikadi, tsiku lake, malo ake, ndi zimene zinasintha pambuyo pake.

Ndipereke chitsanzo cha mtsikana wina wa Fomu 3, wokhala cha ku Chibavi, amene anabwera ndi pepala lake kwa ine. Ankalembera aphunzitsi ake a masamu, mayi. Poyamba analemba chonchi:

"Tsiku labwino lobadwa Madamu. Ndinu mphunzitsi wabwino kwambiri. Ndinu ngati mayi anga. Popanda inu sindikanakhala chomwe ndili lero. Mulungu akudalitse."

Ndinamufunsa kuti, "Chomwe uli lerocho n'chiyani?" Anaseka, n'kuyang'ana pansi. Ndinafunsanso kuti anamuchitira chiyani madamuwo chimene ena sanachite. Apa anayamba kulankhula. Ali Fomu 1 sankamva za manambala okhala ndi kamzere kutsogolo, aja ochepera pa ziro. Pa mayeso a pakati pa teremu anapeza 23 pa 100, ndipo anabisa pepala m'thumba la yunifomu. Madamu anamuitana ena atapita kukadya, namufunsa ngati kwawo amatenga zinthu pa ngongole pa okala. Iye anavomera. Madamu anati, ngati mwakongola sopo ndi mchere za K500, ndiye mayi abweza K200, mwatsala pati? Iye anayankha kuti tatsala ndi ngongole ya K300. Madamu analemba pa bolodi kuti -500 + 200 = -300, nati, wadziwa kale, unkangoopa kamzereko. Teremu yotsatira anapeza 58.

Ndinamuuza kuti kalata yake ndi imeneyo, imene wangondiuza ndi pakamwayi. Anakalembanso, ndipo itatuluka inali yotere:

"Aphunzitsi,

Ndamva kuti lero ndi tsiku lanu lobadwa, ndiye ndati ndikufunireni zabwino komanso ndinene zikomo imene ndakhala nayo kuyambira Fomu 1. Mwina munaiwala tsiku limene ndinapeza 23 pa masamu. Simunandiwerenge pamaso pa anzanga. Munandiitana masana, inu osapita kukadya, n'kundiphunzitsa ndi ngongole ya pa okala. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona kamzere kutsogolo kwa nambala ndimakumbukira sopo ndi mchere, ndipo sindiopanso. Panopa ndimathandiza mng'ono wanga wa Sitandade 8 m'njira yomweyo.

Mulungu akupatseni zaka zina zambiri ndi thanzi labwino, inu ndi banja lanu.

Ndine mwana wanu wa Fomu 3B."

Pansi pake anaika dzina lake lonse. Taona zimene zatuluka: "ngati mayi anga" palibenso, "wabwino kwambiri" palibenso, koma wowerenga aliyense angaone kuti madamuwa ndi abwino. Taonanso mzere wonena za mng'ono wake. Mphunzitsi akamva kuti chimene anaphunzitsa chadutsa kupita kwa mwana wina amene sanamuonepo, chimenecho chimamukhudza kuposa kutamandidwa.

Sindikukumbukira chinthu chachikulu chimene anandichitira. Ndingowakonda basi. Ndilembe chiyani?

Sichifunika kukhala chachikulu. Ganizira za mmawa wina wa mu Juni, chifunga chitaphimba tauni yonse ndi kamvula kowaza kaja, iwe utafika mochedwa wapansi kuchokera ku Mchengautuba nsapato zili matope okhaokha, iwo n'kungokulozera pokhala osakupatsa chibalo. Ganizira za mawu amene analemba ndi cholembera chofiira pansi pa chimangirizo chako. Kapena buku limene anakubwereka, kapena tsiku limene anatchula dzina lako molondola pamene ena onse ankalipotoza. Ukasowabe, tsegula makope ako akale, mwina mudzapezeka kena kake m'mphepete mwa tsamba.

Sankha chimodzi. Ukatchula zisanu, kalata imasanduka lipoti.

Ndilembe m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingerezi?

Lemba m'chinenero chimene mumalankhulana nawo kunja kwa phunziro, komanso chimene sudzafunika kukopera kwa wina. Mu Mzuzu kalasi imodzi imakhala ndi Atumbuka, Atonga a ku Nkhata Bay, Ankhonde a ku Karonga ndi ana a anthu obwera pa ntchito kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo aphunzitsi nawonso ndi osakanikirana chomwecho. Usaganize kuti aliyense wophunzitsa kuno ndi Mtumbuka. Ngati ukudziwa kuti ndi Mtumbukadi, kalata ya Chichewa yothera ndi "Yewo chomene" imakoma, ndipo sangakuseke. Koma usalembe ndime yonse m'chinenero chimene umangochimva pa msika, chifukwa ulemu wa chinenero chilichonse uli ndi tinjira take, ndipo ungathe kutukwana mosadziwa.

Kwa aphunzitsi a Chingerezi ana ambiri amafuna kulemba m'Chingerezi kuti aonetse zimene aphunzira. N'zabwino, bola ziganizo zikhale zako, zazifupi. Mphunzitsi amene wakhala akuchonga makope ako zaka ziwiri amadziwa mawu amene uli nawo ndi amene ulibe. Akapeza ndakatulo yosalala bwino ya pa intaneti, amazindikira asanafike mzere wachitatu. Ine ndinalandirapo makadi atatu tsiku limodzi okhala ndi ndime yofanana, mpaka cholakwika chake chinali chimodzimodzi.

Ndiwapatse pa pepala kapena nditumize pa foni?

Ngati ukadali pasukulupo, pepala ndilo labwino. Masukulu ambiri salola ana kukhala ndi foni, ndiye uthenga wochokera pa nambala yako umawaika aphunzitsi pa mpanipani: ayankhe zikomo, kapena afunse kuti foniyo waitenga kuti? Pepala loyera lochotsa pakati pa kope, lolembedwa ndi cholembera chabuluu kapena chakuda, likwanira. Usagwiritse chofiira, chimenecho n'chathu chochongera. Kadi yogula m'tauni si yoipa, koma mawu osindikizidwa kale asakhale okhawo, lembamo ako ndi dzanja.

Popereka, pereka poyera, pa khomo la ofesi ya aphunzitsi kapena m'kalasi phunziro litatha, ndi manja awiri, monga momwe umaperekera kope. Osalowetsa m'chikwama chawo mobisa, osapita kunyumba kwawo madzulo.

Ngati tsikulo lagwa pa holide, foni ingathandize, koma ikhale ya makolo ndipo iwo adziwe. Yamba ndi kudzitchula, chifukwa aphunzitsi alibe nambala za ana onse. Pa SMS kumbukira kuti uthenga umodzi umatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Uwu sukufika 150:

"Aphunzitsi, mafuno abwino pa tsiku lanu lobadwa. Zikomo pa masana aja munandikhazika pansi ndi masamu. Ambuye akusungeni. Ine Uje, Fomu 3B."

Pali kamsampha kamodzi. Ukaikamo chilembo cha ŵ, monga polemba "ŵasambizgi" kapena "Malaŵi", kapena kachithunzi ka keke, mafoni ambiri amatsitsa malire kufika pa zilembo 70 zokha. Uthenga uja umagawika patatu, mayunitsi n'kudyeka katatu. Pa WhatsApp vutoli palibe, koma kumeneko kuli ena: usatumize "HBD" yokha ngati kwa mnzako, usatumize timitima, ndipo usaike chithunzi chawo pa sitetasi usanawapemphe.

Nthawi yabwino yotumiza ndi iti?

Masana, kapena mmawa dzuwa litatuluka. Chizolowezi cha achinyamata chodikira 12 koloko usiku kuti ukhale woyamba chisafike kwa aphunzitsi. Foni ikalira pakati pa usiku m'nyumba ya munthu wapabanja, ndipo pa galasi pakuoneka uthenga wa mwana wa sukulu, wawabweretsera mafunso amene sanawapemphe. Ukaiwala tsiku lenilenilo, tumiza mawa lake ndi mawu oti "pepani ndachedwa", palibe amene amakwiya nazo.

Ndine mtsikana, aphunzitsi ndi aamuna. Makolo anga akuti ndisalembe. Akulakwitsa?

Sakulakwitsa kwenikweni. Amadziwa kuti nkhani za aphunzitsi ndi ana asukulu zilipo, ndipo malamulo a ntchito yathu amaletsa ubwenzi wa mtundu umenewo. Mphunzitsi wabwino nayenso amaopa kalata yachinsinsi, chifukwa ikhoza kumuipitsira mbiri ngakhale ilibe kanthu. Njira yake ndi kuchotsa chinsinsicho. Werengera mayi kapena bambo kalatayo usanapite nayo, ndipo ngati angalole aikepo mzere wawo pansi, monga "Nafenso makolo tikuthokoza". Kapena uza anzako awiri atatu kuti mulembe pa pepala limodzi, aliyense ndime yake. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati kalatayo ingawerengedwe mokweza pa asembule iwe osachita manyazi, ndiye kuti ili bwino.

Siya mawu onena za maonekedwe awo, zovala, kumwetulira, kapena oti "ndimakuganizirani". Thokoza ntchito imene anagwira.

Ndipo ngati mphunzitsi aliyense ayankha uthenga wako ndi kukupempha kuti mukumane awiri, kapena ayamba kukutumizira mauthenga usiku, usayankhe. Onetsa makolo, aphunzitsi aakulu kapena mphunzitsi wamkazi amene umamukhulupirira. Iwe sunalakwe polemba zikomo.

Kodi ndiyenera kuperekanso mphatso?

Ayi. Kalata yokha yakwana, ndipo ndikunena izi monga munthu amene walandirapo zonse ziwiri. Ngati kwanu mtima wafuna, kanthu kochepa kochokera kwa makolo, monga nthochi, mapeyala a pakhomo kapena cholembera, n'kokwanira. Ndalama ayi, kaya pamanja, kaya pa Mpamba kapena Airtel Money. Yang'ananso kalendala. Mphatso yobwera sabata yolemba mayeso a teremu, aphunzitsiwo ali ndi mapepala ako oti achonge, imanunkha ngakhale iwe ulibe cholinga. Zikatero pereka kalata yokha, mphatso idikire zotsatira zitatuluka.

Tikufuna kulemba kalasi yonse. Tichite bwanji?

Vuto la kalata ya gulu ndi lakuti imakonda kugwa m'manja mwa mwana mmodzi wolemba bwino, ena onse n'kungosaina. Imatuluka yokongola koma yopanda munthu m'kati. Chitani chonchi: tengani mapepala awiri apakati pa kope lalikulu, pamwamba mtsogoleri wa kalasi alembe moni ndi mafuno abwino m'mizere itatu, kenako aliyense wofuna alembe chiganizo chimodzi choyamba ndi "Zikomo chifukwa". M'kalasi ya ana 70 si onse adzalemba, ndipo musawakakamize. Ziganizo makumi awiri zoona ziposa masaini makumi asanu ndi awiri.

Wina mmodzi awerenge zonse musanapereke, chifukwa sipalephera wanthabwala wolemba kuti "Zikomo chifukwa munadwala tsiku la mayeso". Pa nkhani ya keke, musaike mtengo woti aliyense apereke. Alipo anzanu amene abwera osadya, ndipo kuwalemba pa mndandanda wa osapereka ndi kuwachititsa manyazi m'dzina la aphunzitsi amene sanapemphe kanthu. Pemphaninso chilolezo kwa aphunzitsi aakulu ngati mukufuna kuimba m'kalasi, kuti musasokoneze oyandikana nawo.

Ndingatchule zaka zawo, kapena kuwaseka pang'ono kuti akukalamba?

Zaka zisiye, ngakhale ukuzidziwa. Nthabwala ya imvi ndi ya anzawo a mu ofesi. Nthabwala imene mwana angaike ndi yodziseka yekha, monga kunena kuti mpaka lero ukumvabe mawu awo m'khutu ukaiwala kulemba deti.

Nanga mawu a Mulungu? Sindikudziwa mpingo wawo.

"Mulungu akudalitseni" amalandira Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Vesi ya m'Baibulo ika pokhapokha ukudziwa kuti ndi Mkhristu, ndipo uyambe watsegula Baibulo kuona ngati chaputala ndi vesi zili zolondola. Kalata isasanduke ulaliki, mzere umodzi wakwana.

Ndinamaliza sukulu kalekale. Kodi sizochititsa manyazi kulemba panopa?

Makalata a ochedwawa ndiwo amakoma kwambiri, paja mawu a akulu akoma akagonera. Koma thandiza aphunzitsiwo kukukumbukira. Munthu amene waphunzitsa zaka makumi awiri waona nkhope zikwizikwi, ndiye kungolemba dzina sikukwanira. Tchula chaka chimene unalemba MSCE kapena mayeso a Sitandade 8, kalasi yako, ndi kanthu kokuzindikiritsa: unkakhala kumbuyo pafupi ndi zenera losweka, unali wosunga choko, unkabwera pa njinga kuchokera ku Luwinga. Kenako nena kumene uli lero m'chiganizo chimodzi, kaya uli ku Mzuni, kaya ukugulitsa mu msika waukulu, kaya ukuyendetsa kabaza. Usaope kuti ntchito yako ndi yaing'ono. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa anandilembera kuti amalemba yekha makalata a gulu lawo la alimi a khofi, ndipo saiwala kuika mutu wa kalata chifukwa ndinkamubwezera kope akauiwala.

Chenjezo limodzi: usaphatikize zikomo ndi pempho. Ngati ukufuna kalata yokuchitira umboni pofunsira ntchito, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ukaziika pamodzi, mafuno abwino aja amaoneka ngati mawu ogogodera pa khomo.

Ndinapereka kalata koma sanayankhe kanthu. Ndawakhumudwitsa?

Kawirikawiri ayi. Aphunzitsi ambiri sawerengera kalata pamaso pa mwana, amaika m'buku n'kukawerenga kunyumba. Ena amapewa dala kuonetsa chisangalalo m'kalasi kuti anzako asanene kuti uli ndi kokondera. Pa foni mwina bandulo yatha. Usafunse kuti "Mwawerenga?", ndipo usatumizenso kachiwiri. Madamu a masamu aja sanamuuze kanthu mtsikana wa ku Chibavi sabata yonse. Lachisanu lake, pomubwezera kope, anapeza pansi pa ntchito yake palembedwa ndi chofiira kuti, "Ndalandira. Mng'ono wakoyo umuuze kuti ngongole ikachuluka abwere nayo kuno."